Nsomba pa Chipata Chachinayi

Dandaulo linafika Lachitatu m'mawa, la mizere iwiri yokha. Analemba ndi a Joža Turkalj, mlonda wa chipata chachinayi cha madzi ku Donja Trstika, ndipo kalembedwe kake kanaonetsa kuti analemba ndi chala chimodzi: "Makina anu afa. Atseka chipata nsomba zili panja."

Dubravka Pavlek anawerenga kawiri, khofi akuzizira pambali. Pakampani yawo ya anthu khumi ndi awiri ku Zagreb, iye ndiye ankalemba zimene makasitomala akufuna kuti pulogalamu ichite, ndipo iye yemweyo ndiye ankaweruza madandaulo akabwera. Dandaulo lililonse linali ndi mabokosi atatu, ndipo ankayenera kuchonga limodzi. Akachonga kuti pulogalamu yalakwa, ndiye kuti ikuchita zosiyana ndi zimene zinalembedwa, ndipo anzake ankayenera kuikonza pasanathe masiku awiri, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Akachonga kuti panali chofunika chimene sichinalembedwe, kasitomala ankayenera kulemba chofunikacho ndi kuchisainira, kenako nkhaniyo inkapita ku komiti imene inkakumana kamodzi pamwezi. Akachonga kuti zonse zikuyenda mmene ziyenera kuyendera, dandaulo linkatsekedwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chipatacho chinali pangalande yolumikiza mtsinje wa Sava ndi dambo lalikulu la kuseri kwa chipupa cha dothi. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi a Joža ankachitsegula ndi kuchitseka ndi manja, pozunguza gudumu lachitsulo. Kuyambira mu Novembala, mota ndi kompyuta ndizo zinkachita zimenezo, iwo n'kutsala ndi ntchito yotchetcha udzu ndi kupaka girisi.

Krešo, amene analemba pulogalamuyo, sanadikire kuitanidwa. Anabwera atanyamula kompyuta yake ngati mbale, n'kumuonetsa zimene makinawo analemba. Lolemba masana mtsinje unakwera kupitirira madzi a m'dambo ndi masentimita makumi atatu. Lamulo lakhumi ndi chinayi la m'pulogalamuyo linkati zikatero chipata chitsekedwe. Chinatsekedwa m'mphindi zinayi.

"Lamulolo unalemba ndiwe, akuluakulu awo anasaina," anatero Krešo. "Chonga bokosi lachitatu tikadye. Mdalayo angosowa gudumu lake."

Dubravka sanachonge. Anaimbira a Joža. Foni inaitana nthawi yaitali, ndipo atayankha kumbuyo kunkamveka achule. Anamufotokozera mwachidule, ngati munthu amene akuuza mlendo kumene kuli khomo la nyumba yake yomwe. Chaka chilichonse, mtsinje ukakwera madzi atayamba kufunda, nsomba zikuluzikulu za mtundu wa šaran zimalowa m'ngalande kupita kudambo kukaikira mazira paudzu womira. Masiku amenewo chipata sichitsekedwa chonse. Bambo awo ankasiya mpata, iwonso ankasiya mpata. Tsopano nsombazo zafika, zapeza chitsulo. A zanyengo anena kuti mtsinje uyamba kuphwa Lolemba, ndipo ukaphwa, chaka chino chapita.

Anawafunsa ngati zimenezi zinalembedwa penapake. A Joža anaseka mpaka kutsokomola.

Anawafunsanso chifukwa chimene sakungotsegula ndi manja monga kale. Anayankha kuti gudumu lili ndi loko, kiyi ili ndi injiniya, ndipo masiku ano ungokhudza chipatacho ku likulu kumayaka nyali yofiira yokhala ndi dzina lako.

Lachinayi anakumana ndi injiniyayo, a Mlinarić a ku bungwe loyang'anira madzi, bambo wometa bwino amene ankavala jekete ngakhale kukutentha. Dubravka ankaganiza kuti agwirizana ndi Krešo, popeza lamulo lakhumi ndi chinayi anasaina ndi iwowo. Koma ayi. A Mlinarić ananena modekha kuti pulogalamuyo ndi yolakwika, ndipo ikonzedwe pofika Loweruka. Anatsegula pangano la pakati pa bungwelo ndi kampani patsamba loyamba n'kuwerenga pamene panati makinawa adzagwira ntchito zonse zimene mlonda amagwira. Mlonda ankasiyira nsomba mpata, makina sakusiya, choncho makina alakwa.

Dubravka anawapempha kuti amalize chiganizocho. Sanamalize, ndiye anawamalizira: ntchito zonse zimene mlonda amagwira malinga ndi buku la malangizo la bungwe. Bukulo analiwerenga lonse chaka chatha, masamba makumi asanu ndi limodzi, ndipo mulibe nsomba ngakhale imodzi.

"Chabwino, tinene kuti ndalakwa ine," anatero Krešo. "Ndikonze kuti ichite chiyani? Mpata wa masentimita angati? Kuyambira liti? Mtsinje ukafika pati ndiye ndisiye chifundo? Kuseri kwa dambolo kuli nyumba za anthu, bwana. Ine sindilemba manambala a m'maloto."

A Mlinarić anati zimenezo ndi zazing'ono, akatswiri ndi iwowo a kampani. Apo Dubravka anamvetsa. Bamboyu ankadziwa za nsombazo. Mwina onse akubungwe ankadziwa, ndipo chaka ndi chaka ankayang'ana kumbali. Ankafuna kuti nsomba zilowe, koma popanda dzina lake papepala lililonse lonena kuti chipata chikhale chotsegula mtsinje ukukwera. Bokosi loyamba ndilo lokha limene silinkafuna siginecha yake.

Ndipo bokosi loyambalo ndilo lokha limene likanatha ntchito lisanafike Lolemba. Dubravka anaziona zimenezo bwinobwino. Anawauza kuti sachonga kalikonse asanakaone yekha, chifukwa n'kutheka kuti kachipangizo koyeza madzi kakunama, ndipo ngati kakunama ndiye kuti cholakwika chilipodi. Pansi pa mtima ankalakalaka zitakhala choncho. Anauza a Mlinarić kuti nawonso abwere, ndipo asaiwale kiyi.

Lachisanu ananyamuka ndi Krešo dzuwa litangotuluka. Krešo anadandaula njira yonse, za msewu, za udzudzu, za nsapato zake zoyera, mpaka Dubravka anamugulira burek, chitumbuwa chokhala ndi nyama m'kati, kuti pakamwa pakhale ndi ntchito ina. Atapitirira tawuni ya Sisak anayamba kuona madzi pakati pa mitengo, ndi adokowe pamadenga a nyumba zamatabwa.

A Joža anawadikira pachipupa, bambo wamfupi wa manja aakulu mosagwirizana ndi thupi. Anayang'ana nsapato za Krešo, kenako nkhope yake.

"Ndiwe unapanga chitsiru chili m'kabokosi umo?"

"Chitsirucho chimamvera, bambo. Chimachita zimene chauzidwa."

"Ndiye chitsiru chenicheni chimenecho."

Dubravka anayamba ndi ntchito imene anabwerera. Anatsika masitepe a konkire, n'kuwerenga thabwa la manambala la mbali ya mtsinje, kenako la mbali ya dambo. Krešo ankawerenga za pakompyuta mokweza. Mbali ya mtsinje zinasiyana ndi sentimita imodzi, mbali ya dambo sizinasiyane n'komwe. Anayesa mota, anayang'ana nthawi ya pakompyutayo, anaonanso zonse zimene makinawo analemba kuyambira Lamlungu. Palibe chimene chinanama. Analemba zimenezo m'kope lake.

A Joža anamusiya kuti amalize. Kenako anati abwere kuno, ayende pang'onopang'ono, asaponde mwamphamvu pamatabwa.

Anakwera kamlatho ka pamwamba pa chipata n'kuyang'ana pansi. Poyamba Dubravka anangoona madzi a matope, ndipo anaganiza kuti ngalandeyo ili ndi miyala pansi. Kenako mwala umodzi unatembenuka n'kuonetsa mimba yachikasu. Pomwepo maso ake anatseguka. Sinali miyala. Kuchokera pachitsulo cha chipata mpaka kumene ngalande inkakhotera, mtunda woti munthu sangaponye mwala n'kufika, munali nsomba zokhazokha, msana kukhudza msana, zonse mitu italoza kumodzi. Zina zinali zazitali ngati mwendo wa munthu. Sizinkalimbana. Zinkangoima, zipsepse zikugwedezeka pang'onopang'ono, ndipo madzi onse ankatukuka ndi kutsika ngati chifuwa cha nyama yogona. Zakutsogolo zinkagunda chitsulocho ndi milomo, mofewa, kugunda n'kubwerera, kugunda n'kubwerera, ndipo Dubravka anamva kugundako m'mapazi kudzera m'matabwa.

Anagwira chitsulo cha mlatho. Anali atakhala chaka chathunthu ndi chipata chimenechi. Ankadziwa kulemera kwake, liwiro la mota yake, dzina la waya aliyense. Pazojambula zake mtsinje unali mzere wabuluu wokhala ndi nambala pambali. Sanaganizepo kuti m'kati mwa mzerewo muli khamu limene limadziwa njira iyi kuyambira kale chipupa chisanamangidwe, khamu lobwera pa nthawi yake popanda woliitana.

Krešo anawerama kuyang'ana m'madzi. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu kuti zimadziwa bwanji. A Joža anati sakudziwa. Akhala akuziyang'ana moyo wawo wonse ndipo sakudziwa. Anangoloza kuseri, kumene dambo linali phee kudikira, udzu wobiriwira mpaka kumapeto a maso, madzi ofika m'kakolo akunyezimira m'munsi mwake.

Dubravka anawafunsa chifukwa chimene sanamuuzire chaka chatha, pamene anakhala nawo masana onse m'kanyumba kawo akulemba za ntchito yawo.

"Munandifunsa kuti ndimatseka liti, mayi. Ndinakuuzani. Simunandifunse kuti ndi liti pamene sinditseka." Anakanda chibwano. "Komanso bwana Mlinarić anali pompo akumwa khofi wanga. Ndikanati chiyani, kuti buku lawo ndimaliphwanya chaka chilichonse?"

Dubravka anakumbukira masana amenewo. Anali ndi mafunso makumi anayi, onse otengedwa m'buku la malangizo, ndipo anabwerera kwawo wokhutira chifukwa mayankho onse anagwirizana ndi bukulo.

Galimoto ya a Mlinarić inafika cha m'ma teni. Anakwera chipupa atanyamula jekete pamkono, ndipo asanapereke moni anafunsa ngati kachipangizo kapezeka ndi vuto. Dubravka anati ayi. A Mlinarić anati ndiye achonge bokosi loyamba basi, palibe amene adzafunse. Krešo, akuyang'anabe m'madzi, ananena kuti ngati zili choncho iye sakana, amulembe kuti analakwa, usiku umodzi ukwana, a Joža angomuuza manambala. Dubravka anamuyang'ana. Aka kanali koyamba kumumva akuvomera cholakwa, ndipo chinali cholakwa chimene sanachite.

Zikanatheka. Mawa lomwe chipata chikanatseguka. Koma Dubravka anaona zimene zikanatsala m'mbuyo: pepala losainidwa lonena kuti chipata chizitsekedwa, ndi makina osiya mpata popanda pepala lililonse lowalamula. Tsiku lina kudzabwera munthu watsopano, adzayerekeza ziwirizo, adzapeza kuti makina sakumvera lamulo lakhumi ndi chinayi, ndipo adzawakonza ndi mtima woyera. Kapena kudzabwera chigumula chenicheni, madzi n'kufika kunyumba za kuseri, ndipo palibe amene adzadziwe kuti malire anaika ndani.

Anakhala pamasitepe, anatsegula kompyuta pamaondo, n'kuchonga bokosi lachiwiri. Pansi pake analemba akuwerenga mokweza kuti onse amve. Pulogalamu ikuchita ndendende zimene zinalembedwa, choncho sinalakwe. Koma zolembedwazo n'zosakwanira, choncho dandaulo silitsekedwa. Chofunikacho chinasiyidwa pa nthawi yofunsa mafunso, ndipo wofunsayo anali iye, Dubravka Pavlek. Pamzere wa kufulumira kwake anasankha mlingo wapamwamba kwambiri.

A Joža analavula pansi. "Ndiye kuti komiti. Nsomba zidikire komiti."

"Ayi, bambo. Bokosi likunena kuti vutoli ndi la mtundu wanji. Silikunena kuti tikhale pansi." Dubravka anatembenukira kwa a Mlinarić. Pomwe pulogalamu ikudikira kusinthidwa, panganolo linkalola kuti chipata chiyendetsedwe ndi manja, injiniya woyang'anira akalamula polemba. Njira inalipo. Inkangofuna dzina la munthu mmodzi.

A Mlinarić anati Dubravka sakumvetsa mmene zinthu zimayendera kubungwe. Anati kwatsala zaka zinayi kuti apume pa ntchito. Anati mtsinje ukapitiriza kukwera ndiye zidzatha bwanji. Dubravka sanatsutse chilichonse. Anafunsa a Joža kuti iwo ankadziwa bwanji nthawi yosiya chifundo n'kutseka chonse.

A Joža anatsika masitepe n'kugwira mphete yachitsulo yadzimbiri imene inali m'khoma. Madzi akanyambita mphete iyi, amatseka, kaya nsomba zilipo kaya palibe. Bambo awo anawamenyapo khofi chifukwa cha mphete imeneyi. Mpata wake ndi zikhatho ziwiri. Amayamba akaviika mkono m'madzi m'mawa osamva kuluma, ndipo amasiya pakatha masiku khumi kapena nsomba zikatha m'ngalande.

Dubravka anatenga tepi n'kuyeza. Mpheteyo inali pa mamita asanu ndi masentimita khumi pathabwa la manambala. Madzi anali masentimita makumi asanu ndi limodzi pansi pake, ndipo a zanyengo ankati awonjezera khumi okha asanayambe kuphwa. Anayeza zikhatho za a Joža, n'kupeza masentimita makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Krešo anayang'ana kutentha kwa madzi pakompyuta, anati madigiri khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo anayamba kufunsa mdalayo mafunso motsatizana, za chaka cha madzi ambiri, za chaka chimene mtsinje unakwera kawiri, za chimene chimachitika mphete ikamira usiku. A Mlinarić anayang'ana manambalawo n'kuwerengera okha pafoni yawo kuti mpata wotero ungalowetse madzi ochuluka bwanji m'dambo pa masiku atatu. Anawerengera kawiri. Anavomera kuti sangafike kunyumba za anthu, koma sanasainebe.

"Bwerani mudzaone kaye, bwana," anatero a Joža. "Zaka zonsezi mumangomva."

A Mlinarić anakwera pakamlatho monyinyirika, ngati munthu amene akukakamizidwa kuona wodwala. Anayang'ana pansi. Dubravka sanayang'ane nsomba, anayang'ana iwo. Anaona nkhope yawo ikufufuza, kenako ikuima. Jekete inatsetsereka pamkono, manja ake n'kukhudza matabwa onyowa, ndipo sanaikweze. Anaima pamenepo nthawi yaitali moti Krešo anasiya mafunso ake.

"Zonsezi?" anafunsa a Mlinarić.

"Izi ndi zimene zakwana m'ngalande. Zina zili kumtsinje."

A Mlinarić anapempha pepala. Dubravka anang'amba tsamba la m'kope lake, ndipo injiniyayo analemba atatsamira pachitsulo cha mlatho: chipata chachinayi chiyendetsedwe ndi manja mpaka Lolemba, mpata masentimita makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, chitsekedwe madzi akafika mamita asanu ndi masentimita khumi, mlonda asachoke pamalo. Anasaina dzina lonse ndi tsiku. Dubravka anajambula tsambalo ndi foni n'kulimata kudandaulo lija, pamodzi ndi miyeso ya mphete ndi zikhatho, kuti komiti ikapeze lamulo latsopano litayamba kale kulembedwa. Krešo anaimbira ku likulu kuwachenjeza za nyali yofiira.

A Mlinarić anatulutsa kiyi m'thumba la thalauza. Sinali pa mkoko wa makiyi ena. Inali yokha, ndipo Dubravka anadziwa kuti anaichotsa asananyamuke kunyumba.

A Joža anamasula loko, anathira malovu m'manja, n'kugwira gudumu. Linakana, kenako linalira n'kuyenda. Ankawerenga mizungulo ndi milomo. Pansi pa mapazi awo chitsulo chinanjenjemera, ndipo mbali ya dambo kunatuluka lilime la madzi a matope, likufalikira pa madzi oyera a muudzu.

Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako kugunda kuja kunasiya. Misana ya kutsogolo inamira, ina inabwera pamalo pake n'kumiranso, ndipo ngalande yonse inayamba kuyenda, mwakachetechete, ngati chinthu chimodzi chachitali chimene chikulowa pansi pa mlatho. Onse anayi anawolokera mbali inayo. Nsomba yoyamba inatulukira, yaikulu, mamba ake ngati mkuwa wakale. Inaima pang'ono m'madzi osaya, msana uli panja, kenako inalowa muudzu. Inatsatira ina, ndi zina zitatu, kenako zinaleka kuwerengeka. Udzu unayamba kugwedezeka pafupi, kugwedezekako n'kumapita kutali, kumanzere ndi kumanja, popanda mphepo. Patali madzi anayamba kuthovoka pamene zazikazi zinkagubuduka, zazimuna zitazipanikiza m'mbali, ndipo phokoso lake linali ngati la anthu ambiri akuchapa zovala kutsidya.

Krešo anali atatsikira m'madzi mpaka m'maondo osazindikira, ndipo nsomba zinkamulambalala mbali zonse ziwiri. A Joža anamuuza kuti aime chilili, asasunthe mwendo. Anamvera.

A Mlinarić anafunsa, osachotsa maso kudambo, kuti komiti ikumana liti. Dubravka anati pa twente-wani.

"Mundiike poyamba," anatero a Mlinarić. "Ndikalankhula ndekha. Ndipo a Turkalj abwere, akanene za mphete yawoyo ndi pakamwa pawo."

"Ku Zagreb? Ine?" anatero a Joža. "Ndiye chipata adikire ndani?"

Dubravka anatseka kompyuta, anaiika pamasitepe, n'kukhala pansi miyendo ili lende pamwamba pa madzi. Pansi pake nsomba zinali zikulowabe, ndipo kumene ngalande inkakhotera zinkabwera zina kuchokera kumtsinje.